GALU, JDOX ndi 41: Kusiyanitsa Enkodingi, Enkiripishoni ndi Hashingi

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Inu ophunzira za makompyuta amene mayeso akuyandikirani, tcherani khutu. Tengani cholembera ndi pepala, chifukwa lero tichita timasamu, koma timasamu toti ngakhale mwana wa sitandade 5 angatikhoze. Nkhani yathu ndi ya mawu atatu amene amagwetsa ambiri pa mayeso: enkodingi, enkiripishoni ndi hashingi. Muno ndili ndi aphunzitsi a za makompyuta, komanso mtsikana wa fomu 4 amene wavomera kuti afunse m'malo mwa anzake. Takulandirani nonse.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi.

WOPHUNZIRA: Zikomo kwambiri.

WOULUTSA: Tiyambe ndi iwe mwanawe. Chikusokoneza n'chiyani pa mawu atatuwa?

WOPHUNZIRA: Ine ndimaona ngati ndi chinthu chimodzi, mayi. Konseko umalowetsa mawu owerengeka bwino, kukutuluka zilembo zosamveka. Ndiye funso likabwera lakuti siyanitsa, ndimangolemba kuti zonse zimabisa uthenga.

MPHUNZITSI: Ndipo malikisi amathera pomwepo. Mwa zitatuzi, chimodzi chokha ndicho chinapangidwira kubisa uthenga woti wina akauwerenge kutsogolo. Vuto ndi lakuti ukuweruza ndi maso. Zotulukazo zimaoneka zofanana ndithu, koma wolemba mayeso sakufunsa maonekedwe. Akufunsa zinthu ziwiri: kodi zimene zatulukazo zingabwezedwe kukhala mawu oyamba aja? Ngati zingabwezedwe, angazibweze ndani? Titenge liwu limodzi lalifupi, tiliyendetse konse kutatu. Lembani GALU, m'zilembo zazikulu.

WOULUTSA: G, A, L, U. Talemba.

MPHUNZITSI: Kompyuta sidziwa chilembo. Imasunga manambala okhaokha, ndipo manambalawo imawasunga ngati 0 ndi 1. Choncho anthu anagwirizana kuti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala yake. Mgwirizano wotchuka ndi ASCII, umene unatuluka ku Amereka mu 1963. Mu ASCII, A wamkulu ndi 65, B ndi 66, kumapita choncho. Ndiye G ndi 71, A ndi 65, L ndi 76, U ndi 85. GALU wathu wasanduka 71, 65, 76, 85. Imeneyi ndiye enkodingi. Tsopano ndikufunse iwe: ndikakupatsa 71, 85, 76, 65, ndalemba chiyani?

WOPHUNZIRA: 71 ndi G, 85 ndi U, 76 ndi L, 65 ndi A. GULA.

MPHUNZITSI: Ndinakupatsa chinsinsi chilichonse kuti uwerenge?

WOPHUNZIRA: Ayi, ndangotsata tebulo lija.

MPHUNZITSI: Tebulo limenelo lili m'mabuku, lili pa intaneti, aliyense angalione. Enkodingi cholinga chake n'chakuti uthenga usungike kapena uyende mu mpangidwe umene makina angaulandire. Imafuna kuti aliyense awerenge, osati kuti alephere. Mulibe kiyi mmenemo. Zizindikiro za Morse zimene ankatumizira matelegalamu ndi enkodingi. Zilembo zotukuza zimene anzathu osaona amawerenga ndi zala ndi enkodinginso. Amene sanaziphunzire sangaziwerenge, inde, koma palibe akumuletsa kuphunzira.

WOULUTSA: Koma aphunzitsi, 71 ndi 65 ndi manambala ooneka bwino. Zilembo zosokonezeka zimene akunena mtsikanayu zimachokera kuti?

MPHUNZITSI: Kawirikawiri zimachokera ku Base64, ndipo ameneyu ndiye msampha waukulu pa mayeso. Imelo inapangidwa poyamba kuti inyamule zilembo wamba basi, osati zithunzi. Kuti chithunzi chidutse, chimayamba chalembedwa ndi zizindikiro 64 zimene makina onse amazilandira: A mpaka Z, a mpaka z, 0 mpaka 9, chizindikiro chophatikizira ndi kamzere kopendekera. Njira yake ndi iyi. Chilembo chilichonse cha GALU ndi mabiti 8. Mutenge zilembo zitatu, G, A ndi L, ndiye kuti muli ndi mabiti 24. Muwadule m'magulu a mabiti 6, mupeza magulu anayi. Magulu amenewo amapereka manambala 17, 52, 5 ndi 12, ndipo pa tebulo la Base64 manambalawa ndi R, 0, F, M. Watsala U yekha, wopanda anzake awiri oti akwanitse gulu. Iye amapereka V ndi Q, ndipo malo otsalawo amadzazidwa ndi zizindikiro ziwiri za ikwo. Zonse pamodzi ndi R0FMVQ==.

WOPHUNZIRA: Zimenezotu ndikanaziona pa pepala la mayeso ndikanati ndi enkiripishoni.

MPHUNZITSI: Si iwe wekha. Alipo ngakhale olemba mapulogalamu a kompyuta amene amasunga pasiwedi mu Base64 n'kumagona tulo kuti aiteteza. Amene muli ndi kompyuta ya Linux, lembani lamulo ili muone kuti kubweza kwake sikutenga ndi sekondi yomwe.

```
echo R0FMVQ== | base64 -d
```

Limayankha GALU, osakufunsani kuti ndinu ndani. Zizindikiro za ikwo kumapeto nthawi zambiri zimaulula kuti ndi Base64, ngakhale sizikhalapo nthawi zonse. Chinanso, onani kutalika: zilembo zitatu zimatuluka zinayi. N'chifukwa chake chithunzi chimakula pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chikalowa mu imelo.

WOULUTSA: Nanga enkodingi imalakwika?

MPHUNZITSI: Imalakwika, ndipo ife Amalawi timaziona ndi maso. Ena amalemba dzina la dziko lathu ndi w wokhala ndi kadenga pamutu, ŵ. Chilembo chimenechi mu ASCII mulibe. Chili mu Unicode, ndipo mu enkodingi ya UTF-8 chimasungidwa ndi mabaiti awiri, C5 ndi B5. Tsopano kompyuta yolandira ikaganiza kuti fayiloyo inalembedwa ndi tebulo lakale la zilembo za Kumadzulo kwa Ulaya, imawerenga baiti iliyonse payokha. C5 imakhala A wamkulu wa kamphete pamutu, B5 imakhala chilembo cha Chigiriki chonga u wamchira. Pa sikirini pamatuluka MalaÅµi. Palibe wabisa kanthu pamenepo, palibenso kachilombo ka kompyuta. Wolemba ndi wowerenga angogwiritsa matebulo osiyana. Mukatsegula fayiloyo ndi UTF-8, dzina limabwerera bwinobwino.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikusiyanitsa enkodingi, enkiripishoni ndi hashingi. Aphunzitsi, GALU uja tsopano tim'bise.

MPHUNZITSI: Tigwiritse njira yakale kwambiri, imene olemba mbiri amati Juliyasi Kaisara wa ku Roma ankalembera makalata ake achinsinsi. Chilembo chilichonse muchisunthe malo atatu kutsogolo mu alufabeti. G, pitani H, I, J. Ndiye G akhala J. A akhala D. L akhala O. U akhala X. GALU wasanduka JDOX.

WOPHUNZIRA: Koma aphunzitsi, kodi pamenepa sitangosintha zilembo ngati muja tinachitira ndi ASCII? Kusiyana kuli pati?

MPHUNZITSI: Funso labwino, ndipo yankho lake ndi nambala 3 ija. Njira yosuntha zilembo aliyense angaidziwe. Koma kuti tasuntha kangati, timadziwa ndi ine ndi amene ndikumulembera basi. Nambala imeneyo ndiye kiyi. Ndikasintha kiyi kukhala 1, GALU yemweyo akhala HBMV. Njira ndi yomweyo, liwu ndi lomwelo, zotuluka zasintha. Mu ASCII mulibe chimene ndingasinthe mwachinsinsi, G ndi 71 kwa aliyense. Choncho polemba tanthauzo la enkiripishoni, liwu loti kiyi lisasowe. Enkiripishoni ndi kusandutsa uthenga kuti usawerengeke, pogwiritsa ntchito kiyi, mwakuti yekhayo amene ali ndi kiyi woyenera ndiye angaubweze. Kubwezako ndi dikiripishoni. Yankho lopanda kiyi ine sindipereka malikisi onse, ngakhale lilembedwe mokongola bwanji.

WOULUTSA: Komabe njira ya Kaisara mwana angaithyole.

MPHUNZITSI: Angaithyole asanamalize kumwa phala. Alufabeti ili ndi zilembo 26, ndiye makiyi othandiza alipo 25 okha. Mungoyesa onse mpaka patuluke liwu lomveka. Koma chenjerani apa: kufooka sikuichotsa m'gulu. Ndi enkiripishoni yofooka, koma ndi enkiripishonibe. Imene makina athu akugwiritsa ntchito lero ndi AES, imene anaipanga akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo boma la Amereka linaikhazikitsa mu 2001. Njira yake ndi yosindikizidwa poyera, aliyense angaiwerenge. Chinsinsi chili mu kiyi yekha, wa mabiti 128, 192 kapena 256. Kiyi wa mabiti 128 akhoza kukhala m'njira zochuluka mwakuti nambala yake ili ndi madijiti 39. Kuyesa mmodzimmodzi ngati tachitira ndi Kaisara n'kosatheka.

WOPHUNZIRA: M'notsi zathu muli za makiyi awiri. Zimabwera pati?

MPHUNZITSI: Mu Kaisara ndi mu AES, kiyi wobisira ndi yemweyo wobwezera. Imeneyi amati simetiriki. Vuto lake ndi lakuti kiyiyo muyenera kum'fikitsa kwa mnzanu popanda wina kumuona. Mu asimetiriki, monga RSA ya mu 1977, munthu amakhala ndi makiyi awiri ogwirizana. Wina ndi wapoyera, amam'patsa aliyense. Wina ndi wachinsinsi, sachoka kwa mwini wake. Uthenga wobisidwa ndi kiyi wapoyera umabwezedwa ndi wachinsinsi yekha. Mukatsegula tsamba loyamba ndi https, njira ziwirizi zimathandizana: ya makiyi awiri imathandiza kuti foni yanu ndi kompyuta ya kutaliyo zigwirizane kiyi mmodzi, kenako zonse zimayenda ndi kiyi mmodziyo chifukwa njira imeneyo ndi yachangu. Koma zimenezi ndi phunziro la tsiku lina. Lero gwirani chakuti konseko uthenga umabwezedwa wonse, osasowa ndi chilembo chimodzi, bola kiyi alipo.

WOULUTSA: Kiyi akasowa?

MPHUNZITSI: Uthenga ulipobe mkatimo, koma palibe woutulutsa, ngakhale mwini wake. Anthu ataya zithunzi ndi zikalata mwa njira imeneyi.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Tafika pa hashingi, ndipo ndaona mtsikanayu wayamba kale kukanda mutu.

WOPHUNZIRA: Apa ndiye pamandivuta zenizeni. Amati hashi siibwezedwa. Koma kompyuta ikachita masamu kupita kutsogolo, ikulephera bwanji kuwachita chobwerera?

MPHUNZITSI: Tipange hashi yathu yamasewera, uone wekha. Chilembo chilichonse chipatse malo ake mu alufabeti. G ndi 7, A ndi 1, L ndi 12, U ndi 21. Phatikiza.

WOPHUNZIRA: 7 ndi 1 ndi 8, kuphatikiza 12 ndi 20, kuphatikiza 21 ndi 41.

MPHUNZITSI: Tsopano tuluka panja, ukauze mnzako amene sanamve kuti yankho ndi 41, akupezere liwu.

WOPHUNZIRA: Sangalipeze. Sakudziwa kuti zilembo zinali zingati.

MPHUNZITSI: Ngakhale umuuze kuti zinali zinayi. Tawerengera GULA.

WOPHUNZIRA: 7, 21, 12, 1. Iii, ndi 41 yemweyo!

MPHUNZITSI: Ndiye 41 ndi galu kapena ndi gula? Palibe angadziwe, ngakhale ine amene ndapanga njirayi. Mu JDOX, zilembo zonse zinayi zinali mommo, zangovala zina. Mu 41 zambiri zatayika, ndipo chotayika palibe kiyi angachibweze. Kusiyana kwenikweni ndi kumeneku. Tiwonjezere sitepe imodzi: gawa 41 ndi 10, usunge chotsala. Chotsala ndi 1. Ukachita zimenezi ndi liwu limodzi, kapena ndi kalata yonse, kapena ndi buku lonse la mbiri ya dziko lino, chotsala chidzakhala dijiti imodzi, pakati pa 0 ndi 9. Hashi iliyonse ili ndi khalidwe limeneli: cholowa chitalike bwanji, chotuluka kutalika kwake n'kumodzi.

WOULUTSA: Nanga phindu lake n'chiyani chinthu choti sungachibweze?

MPHUNZITSI: Phindu lake ndi kuyerekeza. Ganizani za chidindo cha chala. Pa chidindo simungaumbepo munthu, simungadziwe ngati ndi wamtali kapena wamfupi. Koma munthu akabwera n'kudindanso, mudziwa ngati ndi yemwe uja. Hashi ntchito yake ndi imeneyo: cholowa chimodzimodzi chimatulutsa hashi imodzimodzi nthawi zonse, pa kompyuta iliyonse. Tsono yathu yamasewerayi ndi yoipa, chifukwa tapeza mawu awiri a hashi yofanana mosavuta. Zimenezo amati kugundana, kolishoni. Hashi yeniyeni, monga SHA-256 imene inatuluka mu 2001, imatulutsa mabiti 256, amene pa sikirini amaoneka ngati zizindikiro 64 za 0 mpaka 9 ndi a mpaka f. Mwachitsanzo zilembo zitatu zazing'ono abc zimatulutsa hashi yoyamba ndi ba7816bf n'kuthera ndi f20015ad. Mukasintha chilembo chimodzi chokha, pafupifupi theka la mabitiwo limasintha, ndipo hashi yatsopanoyo siifanana n'komwe ndi yoyamba.

WOPHUNZIRA: Ndiye ndingalembe kuti mu SHA-256 mafayilo awiri sangakhale ndi hashi yofanana?

MPHUNZITSI: Usalembe choncho, ndi bodza limene lili m'notsi zambiri. Mafayilo amene angalembedwe alibe malire, pamene mahashi a mabiti 256 ali ndi malire, ngakhale nambala yake ili ndi madijiti 78. Zopanda malire zikamalowa m'malo owerengeka, zina ziyenera kugwera pamodzi. Kugundana kulipo ndithu. Cholondola n'chakuti kukupeza n'kovuta kwambiri mwakuti sikutheka ndi makompyuta amene alipo. Ndipo hashi ikapezeredwa njira yogunditsira, imapuma pa ntchito ya chitetezo. MD5 anaipanga Ronald Rivest mu 1991, ndipo mu 2004 gulu la katswiri wa ku China, Wang Xiaoyun, linaonetsa kugundana kwake. SHA-1 nayo inagwa poyera mu 2017, pamene akatswiri a ku Google ndi a bungwe la CWI ku Amsterdam anatulutsa mafayilo awiri a PDF osiyana koma a hashi imodzi. Choncho funso likati tchula hashi yodalirika lero, usatchule ziwirizi.

WOULUTSA: Tiyeni ku pasiwedi, chifukwa n'kumene omvera ambiri zikuwakhudza.

MPHUNZITSI: Ndipo n'kumene funso la mayeso limakonda kuchokera. Mukamalembetsa pa tsamba lopangidwa bwino, pasiwedi yanu siisungidwa. Kompyuta imaipangira hashi n'kusunga hashiyo. Mawa mukabwera n'kulemba pasiwedi, imapanganso hashi ya zimene mwalembazo n'kuyerekeza ndi yosungidwa ija. Zikafanana, mwalowa. Onani kuti palibe paliponse pamene yabweza hashi kukhala pasiwedi. Ophunzira ambiri amalemba kuti kompyuta imachita dikiripishoni ya hashi kuti ione ngati pasiwedi ndi yolondola. Chiganizo chimenecho ndi cholakwika kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

WOULUTSA: N'chifukwa chake ndikaiwala pasiwedi amandiuza kuti ndipange yatsopano?

MPHUNZITSI: Eya mayi, yakaleyo alibe. Ndipo tsamba limene lingakutumizireni pasiwedi yanu yakale mu imelo ladziulula lokha kuti silichita hashingi. Lichenjereni.

WOPHUNZIRA: Koma bwanji osangochita enkiripishoni? AES mwati ndi yolimba.

MPHUNZITSI: Chifukwa kiyi ayenera kukhala penapake, ndipo nthawi zambiri amakhala pafupi ndi mapasiwediwo kuti kompyuta izim'peza. Wakuba akalowa n'kutenga zonse ziwiri, mapasiwedi onse atseguka tsiku limodzi. Komanso pali nkhani yodziwika ya kampani ya Adobe mu 2013. Akuba anatenga mndandanda wa maakaunti pafupifupi 150 miliyoni. Zitatuluka poyera, anthu anaona kuti mapasiwedi sanapangidwe hashi, anachitidwa enkiripishoni ndi njira ya 3DES, ndi kiyi mmodzi kwa onse, komanso mwa mtundu umene cholowa chofanana chimatulutsa zofanana. Zotsatira zake zinali ziwiri. Choyamba, anthu onse a pasiwedi imodzi ankaoneka ndi zilembo zofanana pa mndandandawo. Chachiwiri, popeza enkiripishoni imatsata kutalika kwa cholowa, munthu ankatha kuona kuti pasiwedi iyi ndi yaifupi, iyi ndi yaitali. Kuwonjezera apo, mawu okumbutsira pasiwedi anasungidwa osabisa. Ndiye munthu mmodzi akalemba chokumbutsa choulula kwambiri, waululira anzake onse a pasiwedi yofanana ndi yake. Ofufuza anazindikira mapasiwedi ambiri popanda kiyi, ndipo imene inatsogola inali 123456. Ameneyu ndi msokonezo womwewu wa pa mayeso, koma utachitika pa anthu mamiliyoni.

WOPHUNZIRA: Komabe aphunzitsi, ndinamva kuti akuba amathyola mahashi. Ngati siibwezedwa, amathyola bwanji?

MPHUNZITSI: Sabweza, amalota. Amatenga mapasiwedi amene anthu amakonda, n'kupanga hashi ya iliyonse, n'kumayerekeza ndi zimene aba. Hashi ya MD5 ya 123456 imayamba ndi e10adc39, ndipo aliyense wogwira ntchito imeneyi amaizindikira akangoiona. Taganizani za nambala yachinsinsi ya madijiti anayi. Kuyambira 0000 mpaka 9999 zilipo 10,000 zokha. Ngakhale muipangire SHA-256, kompyuta ipanga mahashi onse 10,000 m'kanthawi kosakwana sekondi n'kupeza yanu. Hashiyo sinabwezedwe, yangopezeredwa mnzake wofanana naye. Nambala zotere zimatetezedwa ndi njira zina, monga kutseka akaunti munthu akalakwitsa kangapo.

WOULUTSA: Ndiye hashi payokha siikwana.

MPHUNZITSI: Pa pasiwedi siikwana. Amathiramo chimene akatswiri amachitcha mchere. Mchere ndi zilembo zongosankhidwa mwachisawawa, zosiyana kwa munthu aliyense, zimene amaziphatikiza ku pasiwedi asanapange hashi. Mchere si chinsinsi, umasungidwa pambali pa hashiyo, ndiye musautchule kuti kiyi. Ntchito yake ndi yakuti anthu awiri a pasiwedi yofanana akhale ndi mahashi osiyana, ndiponso kuti matebulo a mahashi okonzeratu asagwire ntchito. Wakuba amakakamizika kulota munthu mmodzimmodzi. Mu 2012, mahashi pafupifupi 6.5 miliyoni a LinkedIn anaikidwa poyera. Anali a SHA-1 opanda mchere, ndipo ambiri anazindikirika m'masiku ochepa. Masiku ano amagwiritsa ntchito mahashi opangidwa dala kuti azichedwa, monga bcrypt ndi Argon2. Inu kudikira kachigawo ka sekondi polowa simumva kanthu, koma wofuna kulota maulendo mabiliyoni amatopa.

(Kanyimbo kakafupi)

WOULUTSA: Nthawi ikutithera. Aphunzitsi, muyeseni mtsikanayu tione ngati zalowa.

MPHUNZITSI: Chabwino. Sukulu ikufuna kutumiza malikisi a ophunzira ku ofesi ya maphunziro, kuti a ku ofesi okha awawerenge. Igwiritse chiyani?

WOPHUNZIRA: Enkiripishoni, chifukwa a ku ofesi ayenera kuwabweza kuti awerenge, koma ena onse ayi.

MPHUNZITSI: Bwanji osati hashi?

WOPHUNZIRA: A ku ofesi angolandira zizindikiro 64, malikisi osawaona.

MPHUNZITSI: Wakhoza. Lachiwiri. Wakopera pulogalamu yaikulu pa intaneti, netiweki inkadukaduka, ndipo eni pulogalamuyo alemba SHA-256 yake pa tsamba lawo. Uchita nayo chiyani?

WOPHUNZIRA: Ndipanga hashi ya fayilo yangayo n'kuyerekeza. Zikasiyana ndiye kuti fayilo yaonongeka kapena wina waisintha.

MPHUNZITSI: Kodi hashiyo yabisa fayiloyo?

WOPHUNZIRA: Ayi, fayilo ili poyera. Hashi ikungotsimikiza kuti sinasinthe.

MPHUNZITSI: Usaiwale mfundo imeneyo. Hashingi imayankha funso lakuti kodi ndi chomwecho, osati lakuti ndani awerenge. Lachitatu ndi lokola. Uthenga wachitidwa enkiripishoni ndi AES, kenako walembedwa mu Base64 kuti udutse mu imelo. Munthu wina waugwira panjira n'kuchotsa Base64 ija. Wawerenga uthenga?

WOPHUNZIRA: Mmm. Base64 angaichotse, chifukwa ilibe kiyi. Koma pansi pake apeza za AES zija. Sanawerenge.

MPHUNZITSI: Ndi choncho. Zitatuzi nthawi zambiri zimayendera limodzi, china pamwamba pa chinzake, ndipo n'chifukwa chake maso amanama. Ngakhale zizindikiro 64 za SHA-256 zija ndi enkodingi ya hashiyo, njira yongolembera mabiti 256 kuti munthu awaone. Ngati wolemba mayeso wakupatsa zitsanzo zingapo za cholowa ndi chotuluka n'kufunsa kuti ndi njira iti, werenga kutalika. Zolowa zosiyana kutalika koma zotuluka zofanana kutalika, ganiza za hashi. Chotuluka chikamakula pamodzi ndi cholowa, funsa ngati patchulidwa kiyi. Ndipo funso likati siyanitsa, usalembe matanthauzo awiri oima paokha n'kusiya. Ika mbali ziwirizo m'chiganizo chimodzi: enkiripishoni imabwezedwa ndi amene ali ndi kiyi, pamene hashi siibwezedwa ndi aliyense. Wochonga amafuna liwu loti pamene limenelo.

WOULUTSA: Mwanawe, watsala ndi funso?

WOPHUNZIRA: Limodzi. Anzanga amasewera ndi njira yotchedwa ROT13, yosuntha zilembo malo 13 nthawi zonse. Ili gulu liti?

MPHUNZITSI: Wandigwira pabwino. Mwa kapangidwe ndi Kaisara wa kiyi 13, ndipo mabuku ena amaiika pa enkiripishoni. Koma kiyi wake ali m'dzina lake lomwe, aliyense akum'dziwa, sasinthanso. Kwa ine, kiyi wodziwika ndi dziko lonse wasiya kukhala kiyi, ndipo chimene chatsala chikugwira ntchito ngati enkodingi. Likabwera pa mayeso, tchula kuti inachokera kwa Kaisara, kenako unene kuti siiteteza kanthu, upereke chifukwa chimenechi.

WOULUTSA: Inu ophunzira kunyumbako, nayi ntchito yanu. Lembani zilembo izi: Q, V, L, P, D. Ndibwereze: Q, V, L, P, D. Zabisidwa ndi njira ya Kaisara, kiyi wake ndi 3. Pezani liwulo. Mukalipeza, lilembeni m'manambala a ASCII, kukumbukira kuti A wamkulu ndi 65. Pomaliza lipangireni hashi yathu yamasewera ija, yophatikiza malo a zilembo mu alufabeti, ndipo mufufuze liwu lina la Chichewa limene likugundana nalo. Mukaonetse aphunzitsi anu mawa m'kalasi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)